Mnzanga wa kuntchito bambo ake amwalira: ndimulembere chiyani?

Funso: Mayi amene takhala nawo ofesi imodzi kwa zaka zitatu, bambo awo amwalira dzulo. Timagwirizana bwino pantchito koma sitiyenderana. Ndalemba kuti: "Pepani kwambiri. Ndikudziwa mmene mukumvera chifukwa inenso bambo anga anandisiya. Limbani mtima, bola apuma. Chinachitika n'chiyani? Mukafuna chilichonse mundiuze." Sindinautumize chifukwa china chake sichikundikhalira bwino. Ndikaufupikitsa ukuuma ngati kalata ya ku ofesi, ndikautalikitsa ndikuoneka ngati ndikudzipanga wachibale. Ndilembe bwanji?

Yankho: Mwachita bwino kusautumiza, koma lisalowe dzuwa la mawa musanatumize wina. Mtima umene mwalembera ndi wabwino, ndipo chimene chikukukayikitsani ndachiona. Mwa ziganizo zisanu zimene mwalemba, choyamba chokha ndi chimene chikuwapatsa kanthu mayiwo. Zinayi zotsalazo zikuwapatsa ntchito. China chikufuna kuti akumvereni chisoni inuyo, china chikuwauza mmene ayenera kukhalira, china chikufuna kuti afotokoze, ndipo chomaliza chikuwasiyira udindo woganiza chimene inu mungawachitire. Kumbukirani mmene munalili inuyo tsiku lotsatira imfa ya bambo anu. Foni inkangolira, tulo simunatione, aliyense ankafuna kumva kwa inu. Munthu wotere alibe mphamvu zosenza ngakhale kakatundu kakang'ono.

Pa ntchito yanga yopereka uphungu kwa anamfedwa, muyeso umene ndimayesera uthenga uliwonse ndi umodzi: munthuyu akamaliza kuwerenga, watsala ndi ngongole yanji kwa wolembayo? Uthenga wolembedwa bwino umamusiya wopanda ngongole iliyonse, ngakhale ngongole ya yankho. Kudziletsa kumene kukufunika mu uthenga wotere n'kumeneku. Pamene chikondi cha mu uthenga sichichokera m'kuchuluka kwa mawu ayi, chimachokera m'kanthu kamodzi koona kamene inu nokha mungakanene chifukwa mwakhala naye pafupi munthuyo. Tiyeni tiupende uthenga wanuwo chiganizo ndi chiganizo.

"Pepani kwambiri" akhale momwemo. Anthu ambiri amaopa mawu amenewa poganiza kuti ndi wamba, n'kuyamba kufunafuna mawu okuluwika amene sanawalankhulepo chibadwire. Palibe chifukwa. Namfedwa sakuyembekezera luso la kalembedwe. Chimene ndingawonjezere n'chakuti mutchule chimene mukupepesacho: "Ndamva kuti bambo atisiya. Pepani kwambiri." Mauthenga ambiri amazungulira, amati "pa zimene zachitikazi" kapena "pa nthawi yovutayi", ngati kuti kutchula bambowo kuwakumbutsa mayiwo chinthu chimene anaiwala. Sanaiwale, ndipo saiwala ngakhale kwa mphindi imodzi. Mukatchula, akudziwa kuti simukuopa kuyang'ana chimene iwo akuyang'ana.

Chiganizo chachiwiri ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi chimene chachokera pansi penipeni pa mtima wanu, komanso ndi chimene chingapweteke kwambiri. Mu 1986 akatswiri atatu a zamaganizo, Darrin Lehman, John Ellard ndi Camille Wortman, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu amene mwamuna, mkazi kapena mwana wawo anamwalira pa ngozi ya galimoto zaka zingapo m'mbuyomo. Anawafunsa kuti ndi ziti zimene anthu ananena kapena kuchita zimene zinawathandiza, ndipo ndi ziti zimene sizinawathandize. Pa zosathandiza panali kupatsidwa malangizo, kulimbikitsidwa kuti achire msanga, kuchepetsa kukula kwa imfayo, ndiponso kuuzidwa kuti "ndikudziwa mmene mukumvera". Koma anthu omwewo anati kucheza ndi ena amene anakumana ndi zofanana kunawathandiza. Zikuoneka ngati zikutsutsana, koma sizikutero. Kuferedwa kwanu ndi chinthu cha mtengo wapatali kwa mayiwo. Cholakwika ndi kunena kuti mukudziwa za mumtima mwawo.

Simukudziwa. Mukudziwa mmene munamvera inu, pa imfa ya bambo anu, amene munali nawo pa ubale wanuwanu. Mwina mnzanuyo ankawakonda bambo ake koposa munthu wina aliyense. Mwina anakhala zaka osalankhulana, ndipo chimene chikumudya lero ndi mawu amene sanathe kuwanena. Mwina wawadwazika kwa miyezi yambiri, ndipo pamodzi ndi chisoni akumva kupepukidwa kumene akuchita nako manyazi. Ndaona zonsezi, ndipo zonse ndi chisoni chenicheni. Zaka zitatu mu ofesi imodzi sizikukwanira kuti mudziwe kuti iye ali pati. Ndiye pali vuto lina: mukangotchula imfa ya bambo anu mwanjira imeneyi, munthu waulemu amayankha kuti "pepani nanunso". Wayamba kukutonthozani inu, tsiku lachiwiri la maliro a bambo ake.

Ngati mukufuna kuti adziwe kuti njirayi munaidutsapo, pali njira yonenera imene siwalemetsa: "Inenso bambo anga anandisiya, choncho tsiku lililonse mukadzafuna wocheza naye za zimenezi, ndilipo." Apa simunanene kuti mukudziwa, mwangotsegula chitseko. Komabe ine ndikanakhala inu, mu uthenga woyambawu ndikanachisiya. Ndikanachisungira tsiku lina atabwerera kuntchito, pamene alendo achepa ndipo chisoni chayamba kukhazikika. Pamenepo ndi pamene mawu amenewa amagwira ntchito yake.

"Limbani mtima, bola apuma." Mawu awa timawanena tonse, ndipo timawanena ndi chikondi, choncho sindikukudzudzulani. Koma tamverani mmene amamvekera kwa wolira. "Limbani mtima" ndi lamulo. Likumuuza kuti kulira kwake kukhale ndi malire, ndipo likachokera kwa munthu wa kuntchito lingamveke ngati mukuti achire msanga abwerere pa desiki. "Bola apuma" ndi oopsa kuposa pamenepo. Chiganizo chilichonse choyamba ndi "bola" chimachepetsa imfayo: bola anakalamba, bola sanavutike, bola munawaona asanatsirizike. Mwana wa malemu angathe kunena yekha mawu amenewa, ndipo akanena mungavomereze. Inu musayambe. Munthu wa zaka 45 amene bambo ake a zaka 80 amwalira sakulira zaka, akulira bambo ake, ndipo nthawi zambiri anthu ozungulira amayembekezera kuti imfa ya kholo lokalamba ipole msanga. Musakhale mmodzi wa anthu amene akumufulumizitsa.

Za mawu achipembedzo, yendani motsatira zimene mukudziwa. Ngati mumakambirana za chikhulupiriro ndipo mukudziwa kuti pemphero ndi mbali ya moyo wawo, kulemba kuti "ndikukupemphererani inu ndi banja lonse" n'koyenera ndiponso kotonthoza, malinga ngati mukupempheradi. Ngati simukudziwa, "muli m'maganizo mwanga" akukwanira. Chimene muyenera kupewa, ngakhale kwa munthu wopemphera kwambiri, ndi kufotokoza chifukwa chake imfayo yachitika kapena kunena kuti inali nthawi yake. Kupempherera munthu n'kuima naye. Kumufotokozera zolinga za Mulungu ndi ulaliki, ndipo sanakupempheni.

"Chinachitika n'chiyani?" chichotseni. Yankho lake lithandiza inu, osati iwo, ndipo nkhaniyi aifotokoza kale kambirimbiri kuyambira dzulo. Za matenda a m'banja mwawo ndi iwo amene angasankhe kuzibweretsa kuntchito kapena ayi. Ndipotu mu uthenga woyamba musaikemo funso lililonse, ngakhale lakuti "muli bwanji?"

Tsopano chomaliza, "mukafuna chilichonse mundiuze". Pa anamfedwa amene ndacheza nawo, ndi ochepa kwambiri amene anaimbirapo foni munthu chifukwa cha mawu amenewa. Kuti awagwiritse ntchito ayenera kuganiza chimene akusowa, kuyeza ngati n'choyenera kupempha kwa munthu amene si wachibale, kenako kulimba mtima n'kupempha. Ndi ntchito zitatu. Koma inu muli ndi mwayi umene wachibale aliyense alibe. Pakati pa misozi, munthu wogwira ntchito amakumbukira mwadzidzidzi kuti pali lipoti la kumapeto kwa mwezi, kuti kasitomala uja analonjezedwa yankho Lachinayi, kuti pa msonkhano wa Lolemba amayenera kulankhula ndi iye. Nkhawa imeneyi azakhali ake sangaichotse. Mungaichotse ndinu.

Choncho musanalembe, dzukani mupite kwa bwana wanu. Funsani kuti ntchito za mayiwo za sabata ino ndi ziti, sankhani imodzi kapena ziwiri zimene mungazithe popanda kuwafunsa kanthu, ndipo mugwirizane ndi bwanayo kuti mwazitenga. Kenako mu uthenga muzitchule ngati nkhani yotha kale: "Lipoti la Lachisanu ndalitenga ine, tagwirizana kale ndi abwana." Samalani zinthu ziwiri apa. Musatenge ntchito imene ikufuna kuti muwaimbire kufunsa kumene anasunga fayilo kapena mawu achinsinsi a kompyuta yawo, chifukwa thandizo lotero lasanduka kusokoneza. Ndipo musalonjeze zimene si zanu kupereka. "Khalani masiku onse amene mukufuna" ndi mawu okoma, koma masiku a tchuthi amaperekedwa ndi abwana motsatira malamulo a pantchito panupo. Mukawanena inu, mayiwo angawakhulupirire n'kudzapeza mavuto.

Tachotsa zambiri. Chimene chatsala ndi kuikamo kanthu kamene kadzachititse kuti uthengawu ukhale wanu, osati umene aliyense akanatha kulemba. Mwina mukuti, "Koma bambowo sindinawaonepo." Palibe vuto, ndipo musayerekeze kulemba kuti anali munthu wabwino, wachikondi, mzati wa banja. Mayiwo akudziwa kuti simunawadziwe, ndipo ngati ubale wawo unali wovuta, mawu otamanda amenewo adzawabaya. Lembani zimene munaona ndi maso anu mu ofesimo. M'zaka zitatu, kodi anawatchulapo bambo awo? Mwina ankatuluka panja nthawi ya nkhomaliro kukawaimbira foni. Mwina ananenapo kuti bambo ndi amene anawaphunzitsa kusunga nthawi. Mwina miyezi yapitayi ankapempha kuweruka msanga kuti akawaone kuchipatala.

Mayi anga atamwalira ndinalandira mauthenga ambiri, ndipo ochuluka sindikuwakumbukira, ngakhale ndinawayamikira onse. Umodzi ndikuukumbukira mpaka lero. Unachokera kwa bambo wina amene tinkakhala madesiki oyandikana, munthu wosalankhulalankhula, amene sitinayenderanepo. Analemba kuti mayi anga sanawaonepo, koma ankadziwa akaimba foni, chifukwa mawu anga ankasintha ndipo ndinkayamba kuseka ndisanayankhe n'komwe. Ine sindinkadziwa kuti ndimatero. Munthu ameneyu anandipatsa kanthu ka mayi anga kamene ndinalibe, ndipo anachita zimenezi popanda kudziyandikizitsa kuposa mmene tinalili. Anangonena zimene anaona ali pa mpando wake.

Ngati mwafufuza m'maganizo ndipo simukupeza kanthu kotere, musapeke. Kusatchula kwawo bambo awo kwa zaka zitatu nakonso kukukuuzani kanthu. Lembani za mayiwo basi: "Takusowani kuno, ndipo tikukuganizirani."

Tikaphatikiza zonsezi, tiyerekeze kuti mayiwo ankakonda kutchula zonena za bambo awo, uthenga wanu ungakhale wotere:

"Mayi, ndamva kuti bambo atisiya. Pepani kwambiri. Sindinakhale ndi mwayi wokumana nawo, koma ndikukumbukira mmene munkatiuzira mawu awo aja akuti ntchito yosiya theka ndi ngongole, ndipo nkhope yanu inkawala mukamawatchula. Za kuno musade nazo nkhawa: lipoti la Lachisanu ndalitenga ine, tagwirizana kale ndi abwana. Musavutike kuyankha uthengawu. Muli m'maganizo mwanga, inu ndi banja lonse."

Pansi pake lembani dzina lanu lonse, chifukwa mwina nambala yanu sanaisunge, ndipo mwina foniyo yagwiridwa ndi wachibale amene akuwawerengera. Mfundo yomalizayi ikuthandizeninso kuyeza mawu anu: kodi uthengawu ungawerengedwe mokweza pamaso pa amuna awo, achimwene awo kapena mayi awo popanda wina kudabwa? Ngati inde, mwaima pamalo oyenera. N'chifukwa chake muwatchule mmene mumawatchulira tsiku ndi tsiku. Ngati mu ofesi mumati "Mayi" n'kutchula dzina lawo, musasinthe lero n'kuyamba "mchemwali wanga wapamtima". Ngati mumatchulana mayina mocheza, musayambe mwadzidzidzi chilankhulo cha kalata ya boma. Imfa siisintha mtunda umene uli pakati panu, ndipo munthu wolira amazindikira msanga mawu amene akula kuposa ubale.

Onaninso chiganizo chakuti "musavutike kuyankha". Ndi chachifupi koma chimagwira ntchito yaikulu. Anthu ambiri amene ndimawathandiza amandionetsa foni yodzaza mauthenga osayankhidwa, ali ndi chikumbumtima ngati alakwira aliyense. Mukawamasula, mwawachotsera katundu. Koma mukatero mukhale wokonzeka kuti asayankhedi. Musatumize uthenga wina wofunsa ngati woyamba unafika, ndipo musamangoyang'ana ngati awerenga.

Za katumizidwe sindichulutsa. Tumizani kwa iwo okha, masana, osati pakati pa usiku. Ngati pali gulu la pafoni la ogwira ntchito ndipo anthu akulembamo "pepani", lembaninso mwachidule, koma zimenezo sizilowa m'malo mwa uthenga wanu. Ngati nkhaniyi munaimva mwamseri ndipo sinalengezedwe, musakhale woyamba kuilemba pagulu. Zithunzi za makandulo ndi ndakatulo zotumizirana zisiyeni, pakuti mayiwo alandira kale zomwezo kuchokera kwa ena. Ndipo nkhani ya ntchito imene ikufuna yankho isakwere nawo mu uthenga umenewu, ngakhale itakhala yachangu bwanji. Ipite kwa bwana.

Mungadziwe bwanji ngati uthenga waphonya? Yankho lawo limasonyeza. Akayankha kuti "zikomo" basi, kapena osayankha, zili bwino. Koma akayamba kukutonthozani, ndiye kuti munalankhula kwambiri za inu mwini. Akalemba ndime yaitali yofotokoza za kuchipatala mooneka ngati akudziteteza, ndiye kuti funso lanu linawakakamiza. Akapepesa chifukwa chojomba n'kulonjeza kubwera msanga, ndiye kuti mawu anu a zantchito anamveka ngati chikumbutso, osati thandizo. Zikatero musalembe kalata yaitali yopepesa, chifukwa imeneyonso ikufuna yankho. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Palibe chimene chikukudikirani kuno, khalani ndi banja."

Pali chinthu chinanso chimene anthu a kuntchito amalephera kwambiri, ndipo chimabwera uthenga woyamba utapita kale. Ndi tsiku lobwerera. Ena amathawa maso a namfedwayo chifukwa sakudziwa chonena, ena amamuunjirira pakhomo mpaka kumuliritsa pamaso pa anthu onse. Mu 1999 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza kuti munthu wolira sakhala m'chisoni nthawi zonse, koma amapita uku ndi uku: nthawi ina akuyang'anizana ndi imfayo, nthawi ina akuipumira n'kumasamala za moyo umene ukupitirira. Kusinthasintha kumeneku n'kwabwinobwino. Kwa anthu ambiri ofesi ndiwo malo opumirako. Choncho mukadzaona mayiwo akuseka Lachiwiri musaganize kuti zatha, ndipo mukadzawapeza akupukuta misozi Lachitatu musaganize kuti zafika poipa.

Tsiku limenelo apatseni moni monga mwa masiku onse, ndipo mukakhala awiri nenani motsitsa mawu kuti, "Takulandirani, ndakondwa kukuonani." Kenako tsatirani kumene iwo akulowera. Akatsegula kompyuta n'kufunsa za lipoti lija, auzeni pamene mwafika. Akayamba kukamba za bambo awo, siyani zimene mukulemba mumvetsere, osawadula ndi nkhani yanu.

Pakapita masabata atatu kapena anayi, mauthenga amakhala atasiya kubwera, achibale abwerera kwawo, ndipo aliyense akuyembekezera kuti mayiwo ayambiranso kugwira ntchito ngati kale. Nthawi imeneyi ndi imene ambiri amandiuza kuti inawawawa kuposa sabata yoyamba. Lembani tsikulo pa kalendala yanu lero lomwe kuti musadzaiwale. Likadzafika, chiganizo chija munachisunga chidzakhala ndi malo ake: "Ndimakuganiziranibe. Inenso bambo anga anandisiya, ndipo kwa ine mwezi wachiwiri unali wovuta. Tsiku limene mudzafune kucheza za bambo, ndilipo, ndipo ngati simukufuna, palibenso vuto." Ngati kwa inu sunali mwezi wachiwiri, lembani zimene zinakuchitikiranidi.